NG'OMBE YACIRA, KOMA MKAKA WAKE SUNACIRE

Awa ndi mau okonzedwa kuti awerengedwe pa misonkhano ya alimi oweta ng'ombe m'Cigawo ca Kum'mawa, makamaka iwo amene apereka mkaka ku malo osonkhanitsira mkaka.

Ng'ombe ikadwala, mwini wake asowa tulo. Ikalasidwa nyeleti ndi kuyambanso kudya udzu ndi kubzikula, mtima wake ukhala pansi, ndipo aganiza kuti mlandu watha. Koma pali cinthu cimodzi cimene sicinathe. Mankhwala amene anaciritsa ng'ombeyo akali m'thupi mwake, ndipo adzapitiriza kutuluka mu mkaka ndi kukhala m'nyama kwa masiku ambiri ng'ombeyo itacira kale. Masiku amenewa ndiwo achedwa masiku olindira. Pa masiku olindira mkaka wa ng'ombeyo suyenera kumwedwa kapena kugulitsidwa, ndipo ng'ombeyo siyenera kuphedwa kuti anthu adye.

Mankhwala amene akunenedwa pano ndi aja olimbana ndi tizirombo tating'ono ta matenda, amene a zacipatala awachula maantibayotiki. M'makola a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi odziwika kwambiri ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi okisitetirasaikilini, mankhwala a madzi ofiirira ngati uci, amene alimi ambiri angowachula teramaisini. Aciwiri ndi oyera ngati mkaka, osanganiza penisilini ndi sitireputomaisini, amene ayenera kukhuchumulidwa asanakokedwe. Palinso timacubu tofinyira m'bere la ng'ombe pamene bere latupa.

Kumene mankhwala apita

Nyeleti ikalowa mu mnofu, mankhwala sakhala pamalo pomwepo. Magazi awatenga pang'ono-pang'ono ndi kuwafikitsa ku mapapo, ku ciwindi, ku impso ndi ku ziwalo zonse. Ndiko kuciritsa kwake kumeneko. Koma mkaka nawonso upangidwa kucokera ku magazi omwewo, cotero zimene zili m'magazi zilowanso m'bere. Ciwindi ndi impso ndizo zigwira nchito yocotsa mankhwalawo m'thupi, natuluka mu mkodzo ndi m'ndowe. Cifukwa ca ici impso ndi ciwindi zisunga mankhwala ambiri kuposa mnofu, ndipo sitireputomaisini makamaka akhalitsa mu impso kwa masabata.

Thupi silicotsa mankhwala onse tsiku limodzi, monga munthu akhuthula madzi m'ndowa. Licotsa theka, patapita nthawi licotsanso theka la otsalawo, ndi kupitirira comweco. Poyamba mankhwala acepa msanga, koma otsiriza acedwa kutha. Ng'ombe iyamba kuoneka bwino pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, pamene thupi lisanafike ngakhale pakati pa nchito yake yoyeretsa.

Okisitetirasaikilini wina apangidwa dala kuti akhalitse. Botolo lake likhala ndi zilembo ziwiri, L ndi A, ndi nambala 20%. Mankhwala amenewa atsalira mu mnofu pamene analasidwa, namalowa m'magazi pang'ono-pang'ono kwa masiku atatu kapena anai. Alimi awakonda cifukwa nyeleti imodzi ikwanira, ndipo munthu savutika kugwetsa ng'ombe tsiku ndi tsiku. Koma ubwino womwewo ndiwo utalikitsa masiku olindira. Cimene cicedwa kulowa cicedwanso kutuluka.

Muyeso umene maiko anapangana

Mwina wina angafunse kuti, kodi ndani anawerenga masiku amenewa? Opanga mankhwala asanaloledwe kugulitsa, alasa ng'ombe zamoyo bwino monga mwa muyeso wolembedwa pa botolo, napima mkaka ndi nyama tsiku ndi tsiku kufikira mankhwala atatsika pansi pa malire ololedwa. Malirewo aikidwa ndi bungwe la Kodekisi, limene linakhazikitsidwa mu 1963 ndi mabungwe awiri a Maiko Ogwirizana, la zakudya ndi ulimi ndi la zaumoyo, ndipo dziko la Zambia lili membala wake.

Malire ake ndi ang'ono zedi. Kwa okisitetirasaikilini, mkaka suyenera kukhala ndi mankhwala oposa galamu imodzi mu malita 10,000, ndiko kuti madiramu 50 a malita 200. Kwa penisilini malire ndi ocepa koposa apo: galamu imodzi mu malita 250,000, ndiwo madiramu 1,250. Tsono ngati gawo limodzi cabe mwa magawo khumi a galamu ya penisilini lituluka mu mkaka wa ng'ombe imodzi, likwanira kufikitsa malita 25,000 pa malire. Thanki ya pa malo osonkhanitsira mkaka siifika ngakhale pafupi ndi pamenepo. Anthu amene anena kuti, "Kandowa kanga kamodzi kadzasungunuka mu mkaka wa anzanga," asawerengere zimenezo. Kandowa kamodzi ka ng'ombe yothiridwa penisilini m'bere kangathe kuononga thanki yonse.

Ng'ombe ya mlimi wina

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nayi ng'ombe imodzi ya citsanzo. Mlimi wina ali ndi ng'ombe yaikazi ya mtundu wa Angoni, yoyamwitsa, imene ipatsa malita 5 pa tsiku. Malita 4 apita pa njinga ku malo osonkhanitsira, lita imodzi itsala pakhomo ya phala la ana. Tsiku lina ng'ombeyo ileka kudya, itentha thupi ndi kupuma mobanika. Wothandiza dotolo wa ziweto abwera Lolemba m'mawa, naiyesa, naona kuti iyenera kulasidwa okisitetirasaikilini uja wokhalitsa.

Coyamba ayesa kulemera kwake. Alibe sikelo, koma ali ndi tepi yoyesera, imene aikulunga pa cifuwa kumbuyo kwa miyendo ya kutsogolo, ndipo tepiyo ionetsa makilo 300. Muyeso wa mankhwalawa ndi mililita imodzi pa makilo 10 ali onse, cotero ng'ombeyi ilandira mamililita 30. Popeza mililita iri yonse iri ndi mamiligalamu 200, m'thupi mwa ng'ombeyo mwalowa magalamu 6 a mankhwala. Sawalasa onse pamalo amodzi. Agawa pawiri, mamililita 15 mbali yina ya khosi ndi 15 mbali yinzake, mkati mwa mnofu, pakuti mabotolo ambiri aletsa kupyola mamililita 20 pamalo amodzi, ndipo ena aletsa kupyola 10. Nthawi iri 8 koloko.

Asanacoke, atembenuza botolo nawerenga. Masiku olindira alembedwa m'Cingerezi, kawiri-kawiri m'timalemba tating'ono ca kumunsi kapena pa kapepala ka m'bokosi, ndipo manambala ake ndi awiri: ina ya mkaka, ina ya nyama. Botolo ili linena masiku 7 a mkaka ndi masiku 28 a nyama. Manambalawa ndi a botolo ili lokha. Mankhwala a dzina limodzi-modzi ocokera kwa opanga osiyana asiyana masiku ake: pa mkaka ena alemba masiku 4, ena 7, ena 8, ndipo pa nyama ena alemba 28, ena apyola 40. Mabotolo ena alemba kuti mankhwalawo asaperekedwe konse kwa ng'ombe yokamidwa. Mlimi amene aloweza nambala ya botolo la caka catha ndi kuigwiritsa nchito pa botolo latsopano angalakwe osadziwa. Ngati iye mwini sawerenga Cingerezi, mwana wa sukulu kapena wogulitsa mankhwala amwerengere botolo lisanatsegulidwe.

Tsono kuwerenga masiku kukhala motere. Tsiku limodzi ndi maola 24 athunthu kuyambira pa ola limene nyeleti inalowa. Lolemba lolasiralo siliwerengedwa ngati tsiku loyamba lotha. Tsiku loyamba litha Laciwiri pa 8 koloko m'mawa, laciwiri litha Lacitatu, ndipo lacisanu ndi ciwiri litha Lolemba la sabata yotsatira pa 8 koloko. Mlimiyu akama pa 6 koloko m'mawa. Ndiye kuti mkaka wa m'mawa wa Lolemba laciwirilo ukali woletsedwa, ngakhale patsala maola awiri okha, ndipo uyenera kukamidwa ndi kutayidwa. Mkaka woyamba wololedwa ndi wa madzulo a tsikulo, kapena wa Laciwiri m'mawa ngati iye akama kamodzi pa tsiku.

Koma ng'ombe iyi siinacire msanga. Lacinai m'mawa wothandiza dotolo abweranso naona kuti ifunika nyeleti yaciwiri. Apa ndi pamene ambiri asocera. Masiku atatu amene anapita kale sawerengedwanso. Kuwerenga kuyambiranso pa nyeleti yotsiriza, cotero mkaka udzaloledwa Lacinai la sabata yotsatira itakwana nthawi imene nyeleti yaciwiri inalowa, osati Lolemba ai. Masiku otaya mkaka akhala 10 m'malo mwa 7, ndiwo malita 50. Nyama nayonso iyambira pomwepo. Ngati Lacinai limenelo linali pa 4 m'mwezi wa masiku 30, masiku 28 akwana pa 2 mwezi wotsatira. Ndi cimodzi-modzi kwa mankhwala oyera aja a penisilini, amene alasidwa tsiku ndi tsiku kwa masiku atatu: kuwerenga kuyamba pa nyeleti ya tsiku lacitatu.

Kukadakhala kuti matenda ake ndi cigodola, aja obwera ndi nkhupakupa amene apha ana a ng'ombe ambiri Kum'mawa kuno, ng'ombeyo ikadalandiranso bupavakoni. Ameneyu si antibayotiki, koma nayenso ali ndi masiku ake, ndipo mabotolo ake ambiri alemba masiku 2 a mkaka ndi masiku 42 a nyama. Pamene mankhwala ali awiri, mlimi atsata nambala yaikulu pa mbali iri yonse payokha. Pa mkaka atsata masiku 7 a okisitetirasaikilini, pa nyama atsata masiku 42 a bupavakoni. Kutenga manambala onse awiri pa botolo limodzi ndiko kulakwa mbali imodzi.

Pamene nambala ya pa botolo ileka kugwira nchito

Iyi ndiyo mfundo imene alimi ambiri saidziwa, ngakhale iwo amene awerenga masiku mokhulupirika. Nambala ya pa botolo inapezeka polasa muyeso woyenera, pamalo oyenera, kwa mtundu wa ciweto wolembedwa pa botolopo. Cimodzi ca izi cikasintha, nambalayo siikhalanso yoona.

Mnansi wa mlimi uja analasa yekha ng'ombe yake yolima. Sanayese kulemera kwake, anangoiyang'ana nati, "Iyi ndi yaikulu, ndipo yadwala kwambiri." Anadzaza sirinji kawiri ndi theka, nathira mamililita 50 pamalo amodzi pa thako. Mnofu sungathe kumwa mankhwala oculuka motero. Pamalopo patupa, mnofu ufa, ndipo mankhwala atsekeredwa mkati monga madzi a m'cithaphwi, namatuluka pang'ono-pang'ono kwa nthawi yaitali kopambana masiku 28. Ng'ombe yotere ikaphedwa, opima nyama apeza pa thakopo cigamba colimba ca cikasu kapena cofiirira, nthawi zina ndi mafinya, ndipo nyama yabwino ya pa thako idulidwa ndi kutayidwa. Ndico cifukwa cake nyeleti ilasidwa pa khosi, pamene nyama yake iri ya mtengo wocepa.

Zicitikanso comweco ngati mankhwala olembedwa kuti alowe mu mnofu athiridwa pansi pa cikopa, kapena ngati mankhwala a nyeleti afinyiridwa m'bere, kapena ngati alasidwa masiku ambiri kuposa olembedwa. Mbuzi ndi nkhosa sizitsata nambala ya ng'ombe. Ndipo ng'ombe yofooka kwambiri, imene yakhala masiku osamwa madzi, impso zake zigwira nchito mocedwa, cotero mankhwala akhalitsa m'thupi mwake kuposa m'thupi mwa ng'ombe zamphamvu zimene opanga mankhwala anayesera. Pa zonsezi mlimi sangathe kudzipezera yekha nambala yatsopano. Ayenera kuuza dotolo wa ziweto zoona zeni-zeni, kuti analasa mamililita angati, pati, ndiponso liti, ndipo dotoloyo adzaonjezera masiku monga aona. Makapisozi a ku cipatala ca anthu, amene ena athira m'madzi a nkhuku kapena kumwetsa ana a ng'ombe, alibe nambala iri yonse ya masiku olindira, pakuti sanapangidwire ziweto.

Zocita ndi mkaka wa masiku olindira

Ng'ombe isaleke kukamidwa. Ena aganiza kuti popeza mkaka ndi wotaya, kuli bwino kungoisiya. Bere likadzaza osakamidwa litupa, ndipo mkaka ungacepe kufikira ng'ombeyo itaswanso. Ikamidwe monga mwa masiku onse, koma ikhale yotsiriza, zinzake zonse zitatha ndipo mkaka wao utacotsedwa pa khola. Ikhale ndi ndowa yake-yake ndi kansaru kake kosefera, ndipo wokama asambe m'manja ndi sopo akatha. Mkakawo uthiridwe m'dzenje kutali ndi citsime, ndi kukwiriridwa.

Nthawi zambiri wolasa ndi bambo, koma okama ndi amai kapena mnyamata wa ubusa. Bambo akapita ku maliro kumudzi kwina osanena kanthu, m'mawa mwake mkaka ulowa m'cigubu monga kale, ndipo palibe amene wacita dala. Cifukwa cace ng'ombe yolasidwa iikidwe cizindikiro coonekera kwa aliyense, monga utoto wofiira pa nyanga kapena kansaru komanga ku mwendo wa kumbuyo, pamene wokama sangalephere kukaona. Ndipo m'kabuku mulembedwe dzina la ng'ombe, dzina la mankhwala, mamililita, tsiku ndi ola la nyeleti yotsiriza, tsiku loyamba kugulitsa mkaka ndi tsiku limene nyama iloledwa. Kalendala ya pa khoma ikwanira ngati kabuku palibe.

Pa matenda a bere pali kulakwa kwina kofala. Ng'ombe iri ndi mawere anai, ndipo kawiri-kawiri limodzi lokha ndilo litupa ndi kutulutsa mkaka wa mibulu. Mlimi afinyira kacubu m'bere limenelo, nataya mkaka wa bere lomwelo, koma wa mawere atatu enawo agulitsa. Ici ndi colakwa. Mankhwala a m'bere limodzi alowa m'magazi ndi kutulukira ku mawere ena, cotero mkaka wa mawere onse anai utayidwe. Pali timacubu tina topangidwira ng'ombe imene yaleka kukamidwa poyembekezera kuswa. Timeneti tikhala m'bere masabata ambiri, ndipo sitiyenera kuthiridwa m'ng'ombe yokamidwa ngakhale pang'ono. Timacubu ta mitundu iwiriyi tifanana maonekedwe, ndipo kusiyana kwake kuli pa malemba okha.

Nanga mwana wa ng'ombe? M'makola a m'midzi mwana ayamwa kwa make, ndipo kumcotsa mwadzidzidzi kungamuphe ndi njala, makamaka ngati ali wamng'ono. Ngati pali mkaka wa ng'ombe yina, kuli bwino amwe umenewo. Ngati palibe, ayamwe, koma mwini adziwe kuti mwanayo nayenso ali kumwa mankhwala, ndipo asaphedwe kapena kugulitsidwa kwa opha nyama pa masiku amenewo. Kupatsa mkakawo nkhumba zimene ziri pafupi kuphedwa ndiko kungosamutsa mankhwala kucoka m'ndowa kupita m'mbale.

Kuwiritsa sikuthandiza

Amai ambiri anena kuti, "Ine ndiwiritsa mkaka wanga, palibe coopsa." Kuwiritsa mkaka ndi mwambo wabwino, ndipo usalekedwe, pakuti moto upha tizirombo ta cifuwa cacikuru ndi ta matenda otayitsa bere. Koma mankhwala si camoyo kuti afe. Moto ucepetsako ena, monga okisitetirasaikilini, koma suwatha onse, ndipo sitireputomaisini sasintha kweni-kweni ngakhale mkaka ubwadamuke. Palibe munthu amene angayang'ane mu mphika ndi kudziwa kuti atsala angati. Ndi cimodzi-modzi kuphika nyama, kuiwamba kapena kuiyanika.

Mkaka wa mankhwala suoneka ndi maso, sununkha, ndipo sumveka pa lilime. Cizindikiro cimodzi cokha cimene cingaoneke pakhomo ndi ici: mkaka woikidwa kuti usase, umene ena auchula cambiko ndipo ena mabisi, ukana kugwirana, nukhala wamadzi-madzi masiku awiri kapena atatu, kapena uonongeka ndi fungo lacilendo. Tizirombo tabwino timene tisasitsa mkaka taphedwa ndi mankhwala. Amai akaona zotere afunse ngati pali ng'ombe yolasidwa. Koma mkaka ukasasa bwino, umenewo si umboni wakuti mulibe mankhwala, pakuti angakhalemo opyola malire koma osakwanira kuletsa kusasa.

Pa malo osonkhanitsira mkaka ambiri wolandira ayesa mkaka m'njira ziwiri. Aviika kagalasi koyandama kuti aone ngati mwathiridwa madzi, ndipo asanganiza mkaka pang'ono ndi sipiriti kuti aone ngati wayamba kusasa. Mayeso awiriwa saona mankhwala. Mlimi angakondwe kuti mkaka wake walandiridwa, koma mayeso a mankhwala acitidwa pambuyo pake ndi ogula akulu-akulu, ndi timapepala toviika timene tiyankha m'mphindi zowerengeka. Akapeza mankhwala akana thanki yonse, popeza mkaka wotere sungapangidwe yogati kapena cizi. Pamenepo malita 50 amene munthu mmodzi anakana kutaya asanduka malita mazana a anthu onse a m'bungwe, pamodzi ndi amasiye amene anabweretsa malita awiri-awiri.

Cimene mankhwalawa acita mwa munthu

Munthu amene wamwa kapu imodzi ya mkaka wotere kawiri-kawiri samva kanthu, ndipo ici ndico cicititsa anthu kupeputsa nkhaniyi. Koma alipo anthu ena amene thupi lao lidana ndi penisilini. Kwa iwo ngakhale wocepa angabutse zidzolo, kuyabwa ndi kutupa, ndipo mwa apo ndi apo kubanika. Wogulitsa mkaka sadziwa amene adzamwa.

Coopsa cacikuru cibwera mwakacetecete. M'matumbo mwa munthu ali yense muli tizirombo tosawerengeka, tabwino ndi toipa. Mankhwala ocepa amene sakwanira kupha angopha tofooka, ndipo tolimba titsala ndi kuswana. Aleksanda Fulemingi, amene anatulukira penisilini mu 1928, anacenjeza za cimeneci mu 1945 polandira mphotho ya Nobelo, kuti muyeso wocepa uzoloweretsa tizirombo kupirira mankhwala. Mankhwala a m'khola ndi a m'cipatala ndi a mabanja amodzi-modzi. Penisilini wa ng'ombe ndi mbale wake wa amokisilini amene mwana apatsidwa akadwala cibayo. Ndipo amene amwa mkaka tsiku ndi tsiku pakhomo ndi ana ang'ono ndi okalamba.

Ng'ombe imene ikana kucira

Kutaya mkaka kuwawa, koma ciyeso cacikuru cibwera pa nyama. Ng'ombe yolima yalasidwa Lolemba, yalasidwanso Lacinai, ndipo Loweruka yagona osadzuka. Mwini aona kuti ifa, ndipo cuma ca zaka zambiri cipita. Anansi amuuza kuti, "Bambo, ipheni isanafe, mupezepo kangacepe." Nyama ipacikidwa pa mtengo, nigulitsidwa pa ngongole kufikira nthawi yokolola. Nyama imeneyo ndiyo ya mankhwala ambiri koposa zonse, cifukwa nyeleti yotsiriza yangolowa masiku awiri apitawo, ndipo impso za ng'ombe yodwala motero zinaleka kale kugwira bwino nchito. Ciwindi, impso ndi zamkati, zimene ziphikidwa tsiku lomwelo ndi kupatsidwa kwa ana ndi akulu a pamudzi, ndizo ziri ndi mankhwala ambiri. Kudula ndi kutaya pamalo pa nyeleti pokha sikuyeretsa nyama yotsalayo.

Palibe njira yofupikitsira masiku olindira. Ng'ombe yophedwa kapena yakufa masikuwo asanakwane iyenera kukwiriridwa m'dzenje lakuya kumene agaru ndi afisi sangafukule. Cifukwa ca ici nthawi yoganiza ndi pamene nyeleti yoyamba isanalowe. Ngati ng'ombe yathyoka mwendo, kapena yakalamba kotero kuti kucira kwake ndi kokaikitsa, mwini afunse dotolo wa ziweto poyera kuti, "Kodi iyi idzacira, kapena ndi bwino iphedwe tsopano?" Dotolo akaona kuti matenda ake si opatsira anthu, ng'ombeyo ingaphedwe isanalandire mankhwala, nyama ipimidwe, ndipo mwini apezepo ndalama zake. Koma nyeleti ikalowa, khomo limenelo latsekeka kwa masiku 28 kapena kuposerapo, ngakhale ng'ombeyo iipireipire.

Wogulitsa ng'ombe yamoyo masiku olindira asanathe auze wogula tsiku la nyeleti yotsiriza ndi dzina la mankhwala, pakuti ogula ambiri a m'misika ya ng'ombe apita nazo kokapha pa masiku owerengeka. Ndipo wogula ng'ombe ya mkaka afunse funso lomwelo asanathire mkaka wake woyamba m'cigubu, nayang'ane pa khosi ndi pa thako ngati pali cotupa ca nyeleti yatsopano.